Inshulansi ya katundu wa pa ulendo: zimene wamalonda wonyamula katundu pa lole ayenera kudziwa

Inshulansi ya katundu wa pa ulendo ndi pangano limene kampani ya inshulansi imalonjeza kubwezera mwini katundu ngati katunduyo waonongeka kapena watayika pamene akunyamulidwa kuchoka pamalo ena kupita pamalo ena. Pa mafomu a makampani amailemba kuti Goods in Transit, mwachidule GIT. Imateteza katundu yekha: mabelo a shuga, zigubu za mafuta ophikira, makatoni a sopo, matumba a ufa kapena a simenti. Galimoto yonyamula katunduyo ili ndi inshulansi yakeyake, ndipo apa ndi pamene amalonda ambiri amasokonezeka.

Malamulo a pamsewu ku Malawi amafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshulansi yolipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena yawaonongera zinthu. Kapepala kamene kamamatidwa pagalasi lakutsogolo kamachitira umboni za inshulansi imeneyi. Mwini lole wina amaonjezera yoteteza lole yeniyeniyo ikagubuduka kapena ikapsa. Koma kawirikawiri zonse ziwirizi sizikhudza katundu wamalonda amene ali kumbuyo kwa loleyo. Dalaivala akamanena kuti galimoto yake ili ndi inshulansi, amakhala akunena zoona, koma yankho lakelo silifika pa funso la wamalonda. Lole itagubuduka, kampani ingakonze loleyo, ingalipire mwini mpanda umene wagumulidwa, koma mwini shuga wamwazika mu ngalande uja osalandira kanthu.

Wina angafunse ngati mwini lole sayenera kulipira yekha katundu amene waonongeka m'manja mwake. Nthawi zina ayeneradi, makamaka pamene ngoziyo yachitika chifukwa cha kusasamala kwa dalaivala wake. Vuto ndi lakuti kusasamalako kumayenera kutsimikizidwa, ndipo mlandu wotere umatenga nthawi. Makampani ena onyamula katundu amalemberatu pa mapepala awo kuti chilichonse chogwera katundu panjira ndi cha mwini katunduyo, kapena amaika malire a ndalama zimene angalipire. Ena ali ndi inshulansi yawo ya katundu wa makasitomala, koma imeneyo imalipira pokhapokha wonyamulayo akapezeka wolakwa, ndipo malire ake angakhale otsika kuposa mtengo wa katundu yense wapakiridwa tsikulo. Mwini lole imodzi yokha, amene loleyo ndiye chuma chake chonse, ngakhale atavomera kulakwa sakhala ndi pogwira loleyo ikaphwanyika. Inshulansi yotenga mwini katundu siidikira kuti wolakwa apezeke. Imangofunsa ngati chimene chachitikacho chili m'gulu la zoopsa zimene panganolo linatchula.

Mitundu iwiri ya chitetezo

Chitetezo chimagulitsidwa mosiyanasiyana, koma njira zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi yopapatiza: imatchula zoopsa zingapo, monga moto, kugundana kwa galimoto, kugubuduka, ndipo nthawi zina kuba kochitika pambuyo pa ngozi yotero. Chimene sichinatchulidwe sichilipidwa. Lole ikafika bwinobwino koma matumba a ufa anyowa chifukwa mvula inalowa, pangano lopapatiza silithandiza, popeza galimoto sinagunde, sinagubuduke, sinapse. Njira yachiwiri ndi yotambasuka: imateteza ku chilichonse chogwa mwadzidzidzi panjira, kupatula zimene zalembedwa kuti sizilipidwa. Pa pangano loyamba munthu amawerenga mndandanda wa zolipidwa. Pa lachiwiri amawerenga mndandanda wa zosalipidwa. Lachiwiri ndi lokwera mtengo, koma kwa wonyamula shuga, mchere, ufa kapena simenti pakati pa Novembala ndi Epulo, pamene mvula ili pachimake, kusiyana kwa mtengoko n'koyenera kukulingalira mofatsa, chifukwa madzi okha amatha kuononga katundu wotere popanda ngozi iliyonse ya pamsewu.

Panganolo limanenanso pamene ulendo ukuyambira ndi pamene ukuthera. Mapangano ena amayamba katundu akangonyamulidwa kuti akwezedwe pa galimoto, ndipo amatha akatsitsidwa pakhomo pa sitolo. Ena amayamba katundu atakwera kale, kotero kuti chigubu cha mafuta chimene chapulumuka m'manja mwa aganyu n'kuphulika pansi sichiwerengedwa. Katundu akatsitsidwa n'kulowa m'sitolo, inshulansi ya pa ulendo yatha ntchito. Moto kapena akuba a usiku umenewo ndi nkhani ya inshulansi ina. Chimodzimodzi ndi malire a dziko. Pangano lolembedwa kuti ndi la m'Malawi muno silitsatira katundu wochokera ku Chipata kudzera pa Mchinji, kapena wochokera ku Tanzania kudzera pa Songwe, pokhapokha mayikowo atalembedwamo.

Mtengo wa katundu ndi ndalama yolipira

Wamalonda amene amapikula mwa apo ndi apo angathe kugula chitetezo cha ulendo umodzi. Amatchula tsiku, kochokera, kopita, nambala ya galimoto, mtundu wa katundu ndi mtengo wake. Amene amayenda mwezi ndi mwezi kapena sabata ndi sabata amachita bwino kutenga cha chaka chonse. Pamenepo amapereka ziwerengero ziwiri zosiyana. Choyamba ndi mtengo wa katundu yense amene akuyembekezera kunyamula m'chakacho, ndipo pa chiwerengero chimenechi ndi pamene kampani imawerengera pulimiyamu, ndalama imene iye alipire. Chaka chikatha, makampani ambiri amayerekezera ndi katundu amene wanyamulidwadi, n'kuonjezera kapena kubweza yotsalayo. Chachiwiri ndi mtengo wapamwamba kwambiri wa katundu amene angakhale pa galimoto imodzi nthawi imodzi. Awa ndiwo malire a zimene kampani ingalipire pa ngozi imodzi.

Mtengo umene umawerengedwa nthawi zambiri ndi wogulira, wolembedwa pa lisiti kapena pa invoisi, ndipo ndalama ya thiransipoti imalowamo ngati inatchulidwa poyamba. Phindu limene wamalonda akanapeza atagulitsa katunduyo silimalipidwa, pokhapokha pali mgwirizano wapadera. Cholinga cha inshulansi ndi kumubwezera munthu pamene anali ngozi isanachitike, osati kumupindulitsa.

Malire a galimoto imodzi aja amakalamba msanga. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya katundu inakwera motsatira. Lole yomweyo, yonyamula mabelo omwewo, inayamba kunyamula ndalama zambiri kuposa zimene zinalembedwa pa chikalata kumayambiriro kwa chaka. Chimodzimodzi mu Disembala, pamene amalonda amapikula zambiri pokonzekera Khirisimasi. Malire ayenera kuikidwa poyang'ana ulendo wolemera kwambiri wa chaka, osati ulendo wamba, ndipo mitengo ikasintha kampani iyenera kuuzidwa mwa kalata lole isananyamuke.

Pali ndalama inanso yotchedwa ekisesi. Ili ndi gawo la chitayiko limene mwini katundu amasenza yekha pa ngozi iliyonse, ndipo limalembedwa ngati peresenti ya ndalama yolipidwa, nthawi zambiri pamodzi ndi ndalama yochepetsetsa imene singatsike. Chifukwa cha ekisesi, katoni imodzi ya sopo ikasowa sipakhala chokatenga ku kampani. Inshulansi imeneyi ndi ya tsoka lalikulu, loti likhoza kutseketsa sitolo.

Zimene mwini katundu amalonjeza

Pangano lili ndi mbali ziwiri, ndipo madandaulo ambiri amakanidwa chifukwa cha mbali ya mwini katunduyi. Choyamba ndi kunena zoona za katunduyo. Amene walemba kuti amanyamula zakudya ndi sopo, kenaka n'kupakira mafoni, mowa kapena ndudu za fodya, asayembekezere kulipidwa pa zinthu zimenezi, chifukwa ndi zokopa akuba ndipo makampani amazilipiritsa mtengo wina kapena amazipatula. Ndalama, ziweto zamoyo ndi katundu wogwira moto msanga nazonso zimafuna pangano lapadera.

Chachiwiri ndi galimoto. Iyenera kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chimene ambiri amachidziwa kuti COF, dalaivala akhale ndi laisensi ya kalasi yoyenera loleyo, ndipo katundu asapitirire kulemera kololedwa. Lole ya matani 7 imene yasenzetsedwa matani 10 mabuleki ake sagwira bwino potsika phiri, ndipo wofufuza wa kampani amatha kudziwa kulemera kwake mwa kungowerenga mabelo ndi matumba olembedwa pa malisiti. Ngati loleyo ndi yahayala, mapangano ena samulanga mwini katundu pa cholakwa chimene sakanachidziwa, koma ena satero. Kuona mapepala a galimoto ndi maso, n'kuwajambula pa foni katundu asanakwere, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chachitatu ndi kafundidwe. Lole yosatseka pamwamba iyenera kufundidwa lona wabwino, womangidwa zingwe zolimba. Lona wong'ambika amasandutsa kunyowa kwa katundu kukhala kusasamala, osati ngozi. Katundu woonongeka chifukwa cha kupakira moipa, monga zigubu zosanjikizidwa mopanda chozigwira, kapena woonongeka mwa chibadwa chake, monga tomato wovunda chifukwa ulendo wachedwa, salipidwa ngakhale pa pangano lotambasuka.

Chachinayi, chimene chimavuta kwambiri, ndi galimoto yosiyidwa yokha. Mapangano ambiri salipira katundu wobedwa pa galimoto imene palibe akuiyang'anira, pokhapokha inali yokhoma ndipo pali zizindikiro zoti yathyoledwa. Usiku amafuna kuti igone mumpanda wokhoma kapena wa mlonda. Dalaivala ndi wothandizira wake akaimika lole m'mbali mwa msewu n'kulowa onse awiri mu lesitilanti, wina n'kudula zingwe za lona, kampani ili ndi chifukwa chokanira. Mmodzi akanatsala pa galimoto nkhani ikanakhala ina. Kuba kochitidwa ndi dalaivala kapena wantchito wa mwini katundu nako kawirikawiri kumapatulidwa, ndipo katundu wongopezeka wapereweza pofika, popanda chosonyeza pamene wasowera, ndi wovuta kwambiri kumulipiritsa. Zipolowe ndi ziwonetsero zimapatulidwanso, ngakhale makampani ena amaziphatikiza munthu akalipira ndalama yoonjezera. Ndipo dalaivala amene amakweza anthu a matola pamwamba pa katundu amabweretsa vuto lina, chifukwa wina akatsika ndi katoni palibe loko wothyoka kapena chingwe chodulidwa choti n'kuonetsa.

Chitsanzo cha ulendo umodzi

Ziwerengero za m'chitsanzo ichi ndi zongoyerekezera, kuti masamu ake aoneke. Kampani iliyonse ili ndi mitengo yake. Mayi wina wa golosale yaikulu pa boma la Dedza amapikula katundu ku Limbe kamodzi pa mwezi, n'kumunyamula pa lole yahayala kudzera msewu wa M1, wodutsa pa Lunzu, Zalewa, Chingeni ndi Ntcheu, mtunda wopitirira makilomita 200. Mu Januwale wagula shuga, mafuta ophikira, sopo ndi ufa wa tirigu wa K20,000,000. Pofuna kuchepetsa ndalama yolipira, pa fomu ya ulendowo walemba kuti katunduyo ndi wa K15,000,000. Tiyerekeze kuti kampani ikulipiritsa 0.5 peresenti ya mtengo wa katundu. Mayiyu walipira K75,000 m'malo mwa K100,000, ndipo wasunga K25,000. Pangano lake ndi lotambasuka, ekisesi yake ndi 10 peresenti, ndipo muli ndime yonena za katundu wolembedwa mtengo wochepa.

Atadutsa Ntcheu, mvula ikugwa, tayala lakutsogolo laphulika ndipo lole yagwera m'mbali. Shuga ndi ufa wa K3,500,000 wanyoweratu, zigubu za mafuta za K2,000,000 zaphulika, katundu wa K2,000,000 watoledwa ndi anthu apolisi asanafike, ndipo makatoni a sopo a K1,500,000 anyowa n'kuphwanyika. Zonse pamodzi ndi K9,000,000. Sopoyo sanathe ntchito. Wangotaya maonekedwe, ndipo wofufuza wa kampani wagwirizana ndi mayiyu kuti agulitsidwe motchipa. Wapezetsa K1,000,000. Chitayiko chenicheni tsopano ndi K8,000,000.

Mayiyu akuganiza kuti popeza K8,000,000 ndi yochepa kuposa K15,000,000 imene analemba, alandira yonse. Sizitero. Wofufuza wasonkhanitsa malisiti onse a ku Limbe n'kupeza kuti pa lole panali katundu wa K20,000,000. Mayiyu analipirira magawo atatu okha mwa anayi a katunduyo, choncho kampani imamuona ngati gawo lachinayilo anadzisungira kuti aliteteze yekha. Zili ngati anthu awiri amene asonkherana kugula ng'ombe, wina magawo atatu wina gawo limodzi: ng'ombeyo ikafa, aliyense amataya molingana ndi gawo lake. Kampani itenga magawo atatu mwa anayi a K8,000,000, amene ndi K6,000,000. Pamenepo ichotsa ekisesi ya 10 peresenti, K600,000. Mayiyu alandira K5,400,000.

Akanalemba mtengo weniweni, kampani ikanayambira pa K8,000,000, n'kuchotsa K800,000 ya ekisesi, n'kumupatsa K7,200,000. Kusiyana kwake ndi K1,800,000, pa K25,000 imene anasunga ija. Komanso zikanatha kuipa kuposa apa: kampani ikaona kuti mtengo unachepetsedwa dala pofuna kuinyenga, ingathe kukana dandaulo lonse. Pangano lake likanakhala lopapatiza, kugubuduka kukanalipidwabe, koma K2,000,000 ya katundu wotoledwa ikanadalira ngati mawu akuti kuba kotsatira ngozi analembedwamo. Pa misewu imene anthu amathamangira lole yakugwa, mawu ochepa amenewa ndi oyenera kuwafufuza pa chikalata asanasaine.

Ngozi ikachitika

Anthu ovulala akathandizidwa, udindo woyamba wa mwini katundu ndi kupulumutsa zimene zatsala, ngati mmene akanachitira akanakhala wopanda inshulansi. Katundu wouma afundidwe, alondedwe, ndipo ngati n'kotheka asamutsidwire pa galimoto ina. Mapangano ambiri amabweza ndalama zoyenera zimene zagwiritsidwa ntchito populumutsa katundu, choncho malisiti a galimoto yachiwiri ndi a aganyu asungidwe. Katundu amene waonongeka chifukwa anangosiyidwa pamvula ngozi itachitika kale angathe kuchotsedwa pa dandaulo.

Ngoziyo, kapena kubako, kuyenera kukanenedwa ku polisi yapafupi, chifukwa kampani idzafuna lipoti la apolisi. Kampani nayo, kapena buloka amene anagulitsa inshulansiyo, auzidwe nthawi yomweyo pa foni, kenaka mwa kalata. Chikalata chilichonse chimatchula masiku amene dandaulo liyenera kufika, ndipo pa nkhani ya kuba nthawiyo imakhala yaifupi kwambiri. Zithunzi zijambulidwe lole isanadzutsidwe: mmene yagonera, nambala yake, lona ndi zingwe, katundu womwazika. Katundu woonongeka asatayidwe kapena kugulitsidwa wofufuza asanamuone, ngakhale akununkha, pokhapokha kampani italoleza. Shuga wonyowa amene watayidwa kudzala ndi umboni umene watayidwa.

Mapepala ndiwo amalipiritsa. Kampani idzafuna fomu ya dandaulo, malisiti kapena ma invoisi ogulira, mndandanda wa katundu amene anakwera wosainidwa ndi dalaivala, mndandanda wa amene wafika, lipoti la apolisi, mawu olembedwa a dalaivala, ndi makope a laisensi ndi COF. Apa ndi pamene wamalonda wozolowera kugula opanda lisiti, kapena wopempha kuti amulembere mtengo wotsika, amavutika: chimene sangachitsimikize pa pepala sichilipidwa. Mndandanda wa katundu wokwera ndi wosavuta kupanga, ngakhale mu kope wamba la kusukulu, bola pakhale tsiku, nambala ya galimoto, kuchuluka kwa mabelo, zigubu ndi makatoni, ndi siginecha za anthu awiri.

Ngati lole inali yahayala, mwini katundu alembere mwini loleyo kalata yomudziwitsa za chitayikocho ndi yomuuza kuti akumuwerengera mlandu. Asasaine pepala lomukhululukira, ndipo polandira katundu wotsalayo asalembe kuti wafika bwino. Chifukwa chake n'chakuti kampani ikalipira, imatenga ufulu wa mwini katundu wokalipiritsa wolakwayo. Wamalonda amene wagwirizana kale ndi mwini lole kuti nkhani ithere pomwepo, mwina chifukwa ndi wachibale kapena wa mpingo umodzi, walanda kampani ufulu umenewo, ndipo kampani ingachepetse kapena kukana malipiro. Ndalama iliyonse imene mwini lole wapereka ngati chipepeso iyenera kuululidwa, popeza munthu salipidwa kawiri pa chitayiko chimodzi.

Pulimiyamu nayo iyenera kukhala italipidwa. Lonjezo la pakamwa loti ndalama ibwera katundu akagulidwa siliteteza munthu. Chofunika ndi lisiti ya kampani ndi chikalata, kapena kalata yachidule yotsimikizira kuti chitetezo chayamba, yokhala ndi tsiku la ulendo usanayambe. Makampani a inshulansi, mabuloka ndi ma ejenti ku Malawi amapatsidwa ziphaso ndi kuyang'aniridwa ndi Mlembi wa Mabungwe a Zachuma, udindo umene uli m'manja mwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa chiphaso cha amene akumugulitsa inshulansi. Dandaulo likakanidwa, mwini katundu apemphe kuti chifukwa chake chilembedwe, pamodzi ndi ndime ya pangano imene kampani yatsamira, kenaka aiyerekeze ndi chikalata chake. Ngati sakukhutira, ayambe wadandaula kwa akuluakulu a kampaniyo mwa kalata. Zikakanika, nkhaniyo angaitengere ku ofesi ya Mlembiyo ku Reserve Bank, imene imalandira madandaulo a ogula, kapena ku khothi. Mapangano ena amanena kuti mkangano wa kuchuluka kwa ndalama uyambe wapita kwa mkhalapakati, ndipo amaika nthawi imene mlandu uyenera kuyambika dandaulo likakanidwa. Nthawiyo ikadutsa, ufulu wolipiritsa kampani umatha.